KUFUPIKITSA ZIGANIZO ZA AKATSWIRI A MBIRI POPANDA KUTAYA MFUNDO

Ambiri mwa ife tidakumanapo ndi vuto ili. Tapatsidwa buku la mbiri ya Eklezia lolembedwa ndi katswiri, ndipo tikufuna kufotokozera aphunzitsi a mpingo kapena anzathu a m'kalasi zimene tapezamo. Tikatsekula bukulo tipeza chiganizo chimodzi chodzaza theka la tsamba. Tiŵerenga kaŵiri, mwina katatu, kenaka titenga cholembera nkuyamba kuchiduladula. Potsiriza tikhala ndi tiziganizo tosavuta kumva, koma tikafunsidwa kuti wolemba uja amatsimikiza chiyani, tisoŵa choyankha. Maina ndi zaka zatsala, koma mfundo yathaŵa.

M'nkhani ino tifuna kuwonetsa kuti mfundo ya wolemba mbiri sikhala m'maina kapena m'zaka. Imakhala m'timau ting'onoting'ono tolumikiza, monga "ngakhale", "koma", "chifukwa", "makamaka" ndi "mwina". Timau timeneti tili ngati luzi lomangira nyumba. Munthu akadula luzi, nsichi ndi phaso zonse zimakhala zilipo, koma nyumba palibe; pangotsala mulu wa mitengo. Kuti izi zimveke bwino, titsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo tachitenga m'mbiri ya mpatuko wa Adonato kumpoto kwa Afrika.

Nkhani yake mwachidule

Tiyambe takumbutsana nkhaniyo. M'chaka cha 303 mfumu ya Aroma, Dioklesiano, idalamula kuti matchalitchi agwetsedwe ndipo Malembo Oyera atenthedwe. Atsogoleri ena a mpingo adapereka mabukuwo kwa boma, ndipo akhristu adaŵapatsa dzina lonyoza lotanthauza kuti "opereka". Mazunzo atatha, Sesiliano adakhala episkopi wa Kartago. Aepiskopi a ku Numidiya, motsogozedwa ndi Sekundo wa ku Tigisi, adamkana. Ankati Felikisi wa ku Aputungi, amene adamdzoza, adali mmodzi mwa opereka aja. Choncho adaika episkopi wina, Mayorino, ndipo iyeyo atamwalira, Donato adaloŵa m'malo mwake. Msonkhano wa ku Roma wa mu 313 ndiponso wa ku Arles wa mu 314 idagamula mokomera Sesiliano, ndipo boma litafufuza lidapeza kuti Felikisi adali wosalakwa. Komabe mpatuko sudathe. Mu 411 Augustino Woyera adali akukanganabe ndi aepiskopi a Adonato pa msonkhano waukulu wa ku Kartago.

Chiganizo cholemera

Chiganizo chili m'munsichi sitidachitenge m'buku lililonse. Tachipeka tokha potsata kalembedwe kamene timakapeza m'mabuku a akatswiri, ndiponso m'mapepala a ophunzira amene amatsanzira mabukuwo.

"Ngakhale kuti kusankhidwa kwa Sesiliano kukhala episkopi wa Kartago cha m'ma 311, pamodzi ndi mphekesera za kudzozedwa kwake ndi episkopi woganiziridwa za kupereka Malembo Oyera pa nthaŵi ya mazunzo, kudali chiyambi chooneka cha kugaŵikana, kukhalitsa kwa mpatukowo kwa zaka zoposa 100 sikungathe kufotokozedwa ndi mkangano wa chisankhowo pawokha, koma makamaka ndi chiphunzitso chakale cha ku Afrika chokhudza kuyera kwa Eklezia, chimene, chitakolezedwa ndi kukondera kwa boma la Konstantino, ndipo mwinanso, monga ena aganizira, ndi kusamvana kwa pakati pa midzi ya ku Numidiya ndi mizinda ya m'mbali mwa nyanja, chidasandutsa mlandu wa munthu mmodzi kukhala funso la kumene kuli Eklezia woona."

Muli mau 100 m'chiganizo chimodzi chimenechi. Sichabodza, ndipo sichopanda nzeru. Kulemera kwake kwachokera pa zinthu ziŵiri. Choyamba, woŵerenga ayenera kusenza mau oposa 30 m'mutu mwake asanafike pa mwininkhani weniweni, amene ndi "kukhalitsa kwa mpatukowo". Chachiŵiri, zochita za anthu zasandutsidwa maina: kusankhidwa, kudzozedwa, kugaŵikana, kukondera, kusamvana. Anthu amene adachita zimenezi abisika, ndipo m'chiganizomo mukungoyendayenda maina opanda nkhope.

Kufupikitsa kolakwika

Munthu wofulumira amaika mpumiro pamalo pamene padali mpatuliro, nataya mau onse amene akuwoneka ngati otchinga njira. Zotsatira zake zimakhala zotere:

"Sesiliano adasankhidwa kukhala episkopi wa Kartago mu 311. Adadzozedwa ndi episkopi amene adapereka Malembo Oyera. Eklezia adagaŵikana. Mpatuko udakhala zaka zoposa 100. Ku Afrika kudali chiphunzitso cha kuyera kwa Eklezia. Konstantino adakondera mbali imodzi. Anthu a m'midzi ya ku Numidiya ankadana ndi a m'mizinda. Anthu ankafunsa kuti Eklezia woona ali kuti."

Mwana wasukulu angathe kuŵerenga ndime imeneyi osapunthwa. Koma taonani zimene zawonongeka.

Poyamba, mfundo yatembenuka. Wolemba uja ankati chisankho pachokha sichikwanira kufotokoza mpatukowo. Tsopano woŵerenga akuwona chisankho, kenaka kugaŵikana, kenaka zaka 100, zonse zitandandalikana. Mwachibadwa munthu akaona zinthu zotsatana amaganiza kuti choyamba ndicho chidabala chachiŵiri. Motero adzachoka akukhulupirira chinthu chenichenicho chimene wolemba ankatsutsa.

Chachiŵiri, taneneza munthu. Chiganizo choyamba chidati episkopi uja adali "woganiziridwa", ndipo chidatchula "mphekesera". Ndime yofupikitsayi yanena poyera kuti adaperekadi Malembo. Felikisi, amene boma lidampeza wosalakwa, ife tamuweruza chifukwa chofuna kupulumutsa mau aŵiri. Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, silileka kugwira ntchito chifukwa choti wonenezedwayo adamwalira kalekale.

Chachitatu, maganizo a akatswiri ena asanduka chinthu chotsimikizika. Nkhani ya midzi ndi mizinda ili ndi mwini wake. W. H. C. Frend, m'buku lake la mu 1952 lonena za Adonato, adafotokoza kuti mpatukowo udali ndi mphamvu makamaka pakati pa alimi a ku Numidiya, pamene Akatolika adali olimba m'mizinda imene idatengera kwambiri makhalidwe a Chiroma. Mu 1959 A. H. M. Jones adalemba nkhani yotsutsa maganizo akuti mipatuko yakale idali ndale za mitundu kapena za amphaŵi zobisala m'chovala cha chipembedzo. Mau akuti "mwinanso, monga ena aganizira" adasenza mkangano wonsewo. Ife titaŵataya, taimira mbali ya Frend osadziŵa nkomwe.

Palinso kanthu kena kakang'ono. "Cha m'ma 311" kwasanduka "mu 311". Koma akatswiri sagwirizana za chaka chimenechi: ena amati 311, ena 312, ndipo ena amachiika zaka zingapo m'mbuyo. Kachidutswa kakuti "cha m'ma" sikadali kokometsera ai.

Kupeza mfundo yaikulu

Njira yabwino imayamba tisanagwire cholembera. Tifunse kuti, wolembayu akanaloledwa kunena chiganizo chimodzi chokha, akananena chiti? Yankho limapezeka kaŵirikaŵiri mu nthambi yoima payokha. Nthambi iliyonse yoyamba ndi "ngakhale kuti" tiilumphe poyamba, pakuti m'menemo wolemba amangovomera zimene ena anganene, asananene zake. M'chitsanzo chathu tikalumpha nthambi yotereyo, titsala ndi izi: chisankho sichikwanira kufotokoza kukhalitsa kwa mpatuko, chimene chimafotokoza makamaka ndi chiphunzitso cha kuyera kwa Eklezia.

Imeneyi ndiyo nsanamira ya pakati. Tiilembe pamwamba pa pepala m'mau athuathu. Ngati sitingathe kuilemba m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti sitinamvetse, ndipo kufupikitsa kulikonse kudzangokhala kubisa kusamvetsa kwathuko.

Kuŵerenga mfundo ndi kuzipima

Kenaka tilembe mfundo zonse, iliyonse pa mzere wake, ndipo pambali pake tilembe zinthu ziŵiri: ntchito yake, ndi mphamvu imene wolemba waipatsa. M'chiganizo chathu muli mfundo zisanu ndi ziŵiri. Chisankho chidali chiyambi chooneka. Iyi ndi mfundo yovomera chabe. Za episkopi wodzoza uja ndi mphekesera, wolemba sakuzitsimikiza. Chisankho sichikwanira, apa wolemba akukana. Chiphunzitso ndicho chifukwa chachikulu. Apa akutsimikiza, koma ndi mau akuti "makamaka", osati "chokha". Kukondera kwa boma kudakoleza. Ichi ndi chifukwa chothandizira, ndipo akuchitsimikiza. Kusamvana kwa midzi ndi mizinda nakonso nkothandizira, koma nkokayikitsa ndipo ndi maganizo a ena. Potsiriza, mlandu udasanduka funso la Eklezia woona. Ichi ndi chotsatira.

Tikatero tiwona kuti mfundozi sizofanana msinkhu. Chiganizo chachitali chimaonetsa kusiyanaku ndi kamangidwe kake: mfundo yaikulu imakhala pa mpando, zazing'ono zimakhala pansi m'nthambi zodalira. Koma tiziganizo tatifupi tonse timaima mofanana, ngati asilikali pa mzere. Nchifukwa chake ulemu umene kamangidwe kanali kupereka mwakachetechete, tsopano tiyenera kuunena ndi mau. Tiyenera kulemba poyera kuti "chifukwa chachikulu chidali ichi", kapena kuti "izi nzotheka, koma sizotsimikizika". Wofupikitsa wabwino amaonjezera mau otere, saŵachotsa.

Kubweza anthu m'chiganizo

Tsopano titenge maina aja opangidwa kuchokera kwa aneni, tiŵabweze kuti akhalenso aneni. Chicheŵa chimakonda kuti munthu awoneke akuchita kanthu. M'malo mwa "kukondera kwa boma" tinene kuti "boma lidakondera". M'malo mwa "mphekesera" tinene kuti "adani ake adati". Koma pamenepa pali msampha. Mneni amafuna kudziŵa kuti ndani adachita, ndipo adachitira yani, pamene dzina lija silidatiuze.

Titenge "kukondera kwa boma la Konstantino". Lidakondera yani? Chiganizo sichidanene, koma yankho ndi lodziŵika. Eusebio, wolemba mbiri ya Eklezia, adasunga makalata a Konstantino a cha m'ma 313 opereka ndalama kwa Sesiliano, ndiponso omasula ku ntchito za boma atsogoleri a mpingo umene Sesiliano ankauyang'anira. Choncho tingalembe mosaopa kuti boma lidakondera mbali ya Sesiliano.

Nanga "kusankhidwa kwa Sesiliano"? Adamsankha ndani? Dzanja limafuna kulemba kuti akhristu a ku Kartago ndiwo adamsankha. Koma amene amatiuza kuti anthu onse adamvomera ndi Optato wa ku Milevi, amene adalemba patapita zaka zoposa 50, ndipo adali wa mbali ya Akatolika. Otsutsa ankadandaula kuti mwambo udachitika aepiskopi a ku Numidiya asanafike. Tikalemba kuti akhristu a ku Kartago adamsankha, taweruza mlandu umene wolemba adaupeŵa dala. Apa nkwabwino kusiya mneni ali mu msintho wochitidwa: "Sesiliano adasankhidwa". Lamulo lake ndi ili: titchule wochita pokhapokha ngati wolemba kapena umboni wosakayikitsa watipatsa dzina lake.

Kumanganso luzi

Ntchito yotsiriza ndiyo kulemba ziganizo, chilichonse ndi mfundo imodzi, ndi kuika mlumikizi pachiyambi pa chiganizo pamene pakufunika. "Ngakhale kuti" sangathe kukhala m'chiganizo chachifupi, koma ntchito yake ingasamukire kwa "koma" woyamba chiganizo chotsatira. "Chimene chidasandutsa" angasanduke "motero". Nayi ndime yathu italembedwanso:

"Mkangano udayamba ndi chisankho. Cha m'ma 311 Sesiliano adasankhidwa kukhala episkopi wa Kartago. Adani ake adati episkopi amene adamdzoza adaapereka Malembo Oyera pa nthaŵi ya mazunzo. Pamenepo Eklezia adagaŵikana. Koma chisankhocho pachokha sichitiuza chifukwa chimene mpatukowo udakhalira zaka zoposa 100. Chifukwa chachikulu chidali chiphunzitso chakale cha ku Afrika. Chiphunzitsocho chinkati Eklezia ayenera kukhala woyera, ndipo episkopi wogwa m'tchimo lalikulu sangapereke masakramenti enieni. Boma la Konstantino lidakoleza maganizo ameneŵa chifukwa lidakondera mbali ya Sesiliano. Akatswiri ena amaganiza kuti kusamvana kwa anthu a m'midzi ya ku Numidiya ndi a m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja kudaŵakolezanso. Zimenezo nzotheka, koma sizotsimikizika. Motero chiphunzitso chija chidasintha mlandu wonse. Anthu adaleka kufunsa za Sesiliano yekha. Ankafunsa kuti Eklezia woona ali kuti."

Chiganizo chimodzi chasanduka ziganizo 13, ndipo mau 100 asanduka mau ngati 115. Izi zisatidabwitse. Kufupikitsa ziganizo si kufupikitsa nkhani. Ndime yolakwika ija idali ndi theka chabe la mau a poyamba, ndipo chimenecho chikadatichenjeza. Katswiri amalongedza katundu wambiri m'thumba limodzi. Tikamasula thumbalo nkuyala katunduyo pa mphasa kuti aliyense amuwone, adzatenga malo okulirapo.

Tionenso chiganizo chachisanu ndi chiŵiri. M'menemo taonjezera kanthu kamene sikadali m'chiganizo choyamba, ndiko kunena za episkopi wogwa m'tchimo. Katswiri adangoti "kuyera kwa Eklezia", podziŵa kuti oŵerenga ake adzakumbukira Sipriano Woyera, episkopi wa Kartago, amene cha m'ma 256 adakangana ndi Papa Stefano polimbikira kuti ubatizo woperekedwa kunja kwa Eklezia suli ubatizo. Woŵerenga wathu sangakumbukire zimene sadamvepo. Popanda kufotokozako sangawone chingwe cholumikiza mlandu wa Felikisi ndi chiphunzitsocho. Kuonjezera kotere nkololedwa ngati kukumasulira mau a wolemba. Kukayamba kubweretsa chifukwa chatsopano chimene iye sadatchule, monga kunena za ndalama za mai wolemera Lusila amene Optato amamtchula, pamenepo tayamba kulemba nkhani yathu, osati yake.

Kuyesa ntchito yathu

Wolemba sangathe kudziyesa yekha bwinobwino, chifukwa mfundo ili kale m'mutu mwake ndipo amaiwona ngakhale pamene palibe. Tipatse mnzathu amene sadaŵerenge chiganizo choyamba. Akatha kuŵerenga ndime yathu, aike pepala pansi, ndipo timfunse mafunso atatu. Kodi wolembayu akutsimikiza chiyani? Akukana chiyani? Nanga akukayika chiyani? Woŵerenga ndime yachiŵiri ija adzayankha kuti akutsimikiza za chiphunzitso, akukana kuti chisankho nchokwanira, ndipo akukayika za midzi ndi mizinda. Woŵerenga ndime yolakwika sadzapeza chokanidwa kapena chokayikidwa, pakuti zonse zidanenedwa ndi liwu limodzi.

Kuyesa kwachiŵiri tingakuchite tokha. Tibwerere ku chiganizo choyamba, tilembe mzere kunsi kwa mlumikizi aliyense ndi liwu lililonse lochepetsa mphamvu. M'chitsanzo chathu ndi aŵa: ngakhale kuti, cha m'ma, mphekesera, woganiziridwa, chooneka, pawokha, koma, makamaka, mwinanso, monga ena aganizira. Pa liwu lililonse tiloze pamene lapita m'ndime yatsopano. "Makamaka" wasanduka "chifukwa chachikulu". "Pawokha" wasanduka "pachokha". "Mwinanso" wasanduka chiganizo chathunthu. Koma "chooneka" tikamfunafuna sitimpeza. Liwu limeneli linkatanthauza kuti chisankho chidali chiyambi cha pamaso chabe, mizu idali kale pansi. Kodi tataya kanthu? Tingayankhe kuti mau akuti "chakale" ndi chiganizo choyamba ndi "koma" asenza katundu ameneyu. Wofuna kusamala kwambiri angasinthe chiganizo choyamba kuti chikhale: "Mkangano udaonekera poyera pa chisankho." Chofunika nchakuti liwu lililonse lotayidwa litayidwe ndi maso otsekula.

Pali kuyesa kwina kosavuta. Tisakanize ziganizo, tiziike m'dongosolo lina. Ziganizo zambiri za ndime yolakwika zingasinthane malo popanda kusintha kanthu, ndipo ichi chikutiuza kuti ndi mndandanda chabe. Ziganizo za ndime yabwino sizilola kusunthidwa, chifukwa "koma", "pamenepo" ndi "motero" amagwira chimene chili patsogolo ndi chimene chili pambuyo.

Malire ake

Tisaganize kuti chiganizo chachifupi ndi chopambana nthaŵi zonse. Pali malo ena pamene mfundo ziŵiri ziyenera kukhala m'chiganizo chimodzi chifukwa kuzilekanitsa kungabale bodza. Chitsanzo ndi chiganizo chathu chachitatu. Tikachidula kuti chikhale "Adani ake adamtsutsa. Episkopi amene adamdzoza adaapereka Malembo Oyera", chiganizo chachiŵiricho chachoka m'kamwa mwa adani nkuloŵa m'kamwa mwathu. Mau onenedwa ndi wina ayenera kukhala pamodzi ndi mwini wake, ngakhale chiganizo chitalike. Nchifukwa chakenso chiganizo chonena za akatswiri ena tachisiya chili ndi mau 20.

Chomwechonso ndi mau okhala ndi "ngati" kapena "pokhapokha". Mfundo yodalira chinthu china ikapatulidwa, imasanduka lamulo lopanda malire. Mau ena a zaumulungu nawonso saloledwa kusinthidwa ndi mau apafupi ofanana nawo pang'ono. M'nkhani ya Adonato, kunena kuti sakramenti ndi lenileni nkosiyana ndi kunena kuti limapindulitsa wolilandira. Augustino Woyera adaima pa kusiyana kumeneku: adavomera kuti ubatizo wa Adonato ndi weniweni, koma adati supindulitsa munthu amene akukhalabe kunja kwa umodzi wa Eklezia. Wofupikitsa amene angalembe kuti ubatizo wao udali "wabwino" kapena "woipa" wafafaniza mfundo yonse ya Augustino. Pa mau otere, njira ndiyo kusunga liwulo ndi kulifotokoza m'chiganizo chotsatira.

Potsiriza tivomere kuti nthaŵi zina ntchito imeneyi imaulula cholakwa cha wolemba mwini. Tingapeze mfundo ziŵiri zolumikizidwa ndi mau osamveka bwino monga "mokhudzana ndi", ndipo tikafunsa ngati akutanthauza "chifukwa cha" kapena "pa nthaŵi imodzi ndi", bukulo siliyankha. Pamenepo tisamthandize pomuikira "chifukwa" amene iye sadalimbe mtima kumlemba. Tilembe kuti wolemba akuika zinthu ziŵirizi pamodzi koma sakunena kuti china chidabala chinzake. Tikatero tidzakhala okhulupirika kwa wolemba, kwa anthu akale amene tikusimba za iwo, ndiponso kwa akhristu amene adzamva mbiriyi kuchokera pakamwa pathu, amene ambiri mwa iwo sadzakhala ndi mwai wotsekula bukulo kuti atiwongole.